Neba waphokoso mu seva: momwe akatswiri amagawira mphamvu za kompyuta pa Kubernetes

Mwezi ukamatha, mapulogalamu ambiri olipirira zinthu pa foni amayamba kukokakoka. Munthu amadina batani lolipira, kachizindikiro nkumangozungulira, kenako nkubwera uthenga woti ayesenso. Ambiri timafulumira kunena kuti ndi netiweki, ndipo nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma nthawi zinanso vuto limakhala mkati mwa kompyuta yaikulu imene pulogalamuyo imagwirira ntchito, imene akatswiri amaitcha seva. Pulogalamu yolipirayo ilibe cholakwika chilichonse, kungoti ina imene yaikidwa nayo pa seva imodzi yalanda mphamvu zonse.

Vutoli amalitcha la neba waphokoso. Aliyense amene anakhalapo pa nyumba za lendi za mpopi umodzi akulidziwa: banja limodzi likandandalika ndowa khumi pa mpopi m'mamawa, ena onse amapita ku ntchito osasamba, chonsecho lendi analipira mofanana. Mu seva chimene amalimbirana si madzi koma zinthu ziwiri. Choyamba ndi CPU, mbali ya kompyuta imene imagwira ntchito yowerengera. Chachiwiri ndi memole, malo amene pulogalamu imasungapo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo.

Kubernetes ndi ntchito yake

Kampani zambiri masiku ano sizipatsa pulogalamu iliyonse seva yakeyake, chifukwa kutero nkuwononga ndalama. Zimasonkhanitsa maseva angapo, nkusiyira pulogalamu ina yotchedwa Kubernetes kuti izisankha chimene chikakhale pa seva iti. Kubernetes inatulutsidwa ndi kampani ya Google mu 2014, potengera luso limene kampaniyo inapeza pa makina ake a mkati otchedwa Borg, ndipo kuyambira 2015 ili m'manja mwa bungwe la Cloud Native Computing Foundation. Aliyense angathe kuigwiritsa ntchito mwaulere.

Pulogalamu iliyonse imalongedzedwa mu kontena pamodzi ndi zonse zimene imafuna kuti igwire ntchito. Kontena imodzi kapena zingapo zimaikidwa mu podi, ndipo podiyo ndi imene Kubernetes imaipezera malo. Mbali imene imasankha malowo ndi `kube-scheduler`. Pa seva iliyonse pamakhalanso `kubelet`, amene amadzutsa makontena ndi kuwayang'anira.

Mfundo imene imasokoneza anthu ambiri ndi iyi. Pofuna kudziwa ngati podi ikwana pa seva, `kube-scheduler` sayang'ana mphamvu zimene mapulogalamu akugwiritsadi ntchito. Amangowerengera zimene eni ake analemba kuti adzafuna. Mwini pulogalamu amalemba manambala awiri pa CPU ndi awiri pa memole. Nambala yoyamba ndi `requests`, pempho la gawo limene pulogalamu isungiridwe. Yachiwiri ndi `limits`, malire amene isapyole. Amene sanalembe pempho amawerengedwa ngati safuna kanthu, ndipo mavuto ambiri amayambira pomwepo.

Manambalawa ali ndi kalembedwe kake. CPU imodzi imagawidwa tizigawo 1000, kotero `500m` ndi theka la CPU ndipo `1000m` ndi CPU yathunthu. Memole imalembedwa ndi `Mi` kapena `Gi`, ndipo `1Gi` ndi chimodzimodzi `1024Mi`. Pano pamafunika maso, chifukwa wolemba `400m` pa memole, poganiza kuti walemba `400Mi`, wapempha kachidutswa kosakwana ngakhale chilembo chimodzi.

Tsiku la malipoti

Tiyerekeze kampani yogulitsa matikiti a basi pa foni. Ili ndi maseva atatu, ndipo iliyonse ili ndi ma CPU 4 ndi memole ya `16Gi`. Seva siipereka zonsezi ku mapodi, chifukwa imasungako zina zoti iyo yomwe igwirire ntchito. Tinene kuti zotsala zogawa ndi `3800m` ndi `14Gi`. Nambala zenizeni za seva iliyonse zimaoneka pa mzere wa `Allocatable` munthu akalemba lamulo ili:

```
kubectl describe node seva-1
```

Pa seva iliyonse pali podi imodzi ya malipiro. Masiku wamba imagwiritsa ntchito pafupifupi `300m`, koma anthu akachuluka imafika pa `900m`, ndipo memole yake siipyola `800Mi`. Kumapeto kwa mwezi, a ofesi ya zachuma amadzutsa mapodi 27 okonza malipoti. Podi ya malipoti imatenga CPU yonse imene yaipeza, ndipo memole yake imakula mpaka `1.5Gi`. Palibe amene analemba pempho kapena malire, kaya a malipiro kaya a malipoti.

Kwa `kube-scheduler`, mapodi onsewa safuna kanthu, choncho onse 27 amapatsidwa malo nthawi imodzi, pafupifupi 9 pa seva iliyonse. Tsopano pa seva pali mapodi 10 olimbirana ma CPU 4. Poti palibe amene anapempha zambiri kuposa mnzake, Linux, imene imayendetsa sevayo, imawagawira mofanana, ndipo aliyense amapeza pafupifupi `400m`. A malipoti sadandaula, chifukwa lipoti likachedwa ndi ola limodzi palibe amene amataya kanthu. Koma podi ya malipiro ikufuna `900m` ndipo yapatsidwa zosakwana theka. Makasitomala amayamba kuona kachizindikiro kozungulira kaja.

Pakadutsa nthawi pang'ono pamabwera vuto lachiwiri. Mapodi 9 a `1.5Gi` amakwana `13.5Gi`, ndipo kuonjezapo `800Mi` ya malipiro zapyola kale `14Gi`. Memole ikatsala pang'ono kutha, `kubelet` amayamba kuthamangitsa mapodi ena kuti seva isafe. Ngati eni ake sanasinthe malamulo, pa Linux amayamba kutero memole yotsala ikachepera `100Mi`. Amayambira mapodi amene akugwiritsa ntchito zoposa pempho lawo, ndipo amene sanapemphe kanthu wapyola kale pempho lake ngakhale atadya pang'ono chabe. Podi ya malipiro ili mu mzere womwewo. Mwina ipulumuka poyamba chifukwa a malipoti adya zambiri, koma palibe chimene chikuiteteza. Memole ikatha mofulumira kuposa momwe `kubelet` angachitirepo kanthu, Linux yokha imasankha pulogalamu nkuipha pomwepo.

Tikayang'anitsitsa, a malipoti sanaphwanye lamulo lililonse, chifukwa lamulo panalibe. Wovutika ndi uja amene sananene zimene amafuna.

Kukonza

Kukonza kumayamba ndi kuyeza, osati kungoganizira. Lamulo la `kubectl top pod` limaonetsa zimene podi iliyonse ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, bola ngati `metrics-server` inaikidwa. Koma nambala ya tsiku limodzi siikwanira. Pamafunika mbiri ya masiku ambiri, imene akatswiri amaisunga ndi pulogalamu ngati Prometheus, ndipo mbiriyo ikhale ndi masiku otanganidwa kwambiri mkati mwake. Woyeza kampani ya matikitiyi Lachiwiri la pakati pa mwezi apeza `300m`, alemba zomwezo, ndipo tsiku la malipiro a ogwira ntchito likafika adzapezeka kuti anachepetsa katatu.

Atayeza bwino, eni podi ya malipiro angalembe chonchi:

```yaml
resources:
  requests:
    cpu: "1000m"
    memory: "1Gi"
  limits:
    memory: "1Gi"
```

Pempho la CPU lili pamwamba pang'ono pa `900m` ya nthawi yotanganidwa. Memole ya `1Gi` ikusiya mpata pamwamba pa `800Mi`, ndipo pempho ndi malire ake nzofanana. Podi iliyonse ya malipoti ipatsidwe pempho la `500m` ndi memole ya `2Gi`, malire a memole akhalenso `2Gi`.

Tsopano masamu a `kube-scheduler` asintha. Pa `3800m` achotsapo `1000m` ya malipiro, kutsala `2800m`. Mapodi a `500m` okwana pamenepo ndi 5 basi. Ku memole, `14Gi` kuchotsa `1Gi` kutsala `13Gi`, imene ingakwane mapodi 6, koma CPU yatha kale pa 5. Ndiye pa maseva atatu mapodi 15 ayamba ntchito, ndipo 12 otsalawo adikira. Pa sikirini adzaoneka ali `Pending`, ndi uthenga woti `Insufficient cpu`. Wosazolowera amaona ngati china chake chaonongeka, koma apa zinthu zikuyenda momwe ziyenera kuyendera. Mapodi oyamba akamaliza, odikirawo amalowa, ndipo malipoti onse amatulukabe ngakhale mochedwerapo.

Pempho la CPU limagwiranso ntchito ina podi itakhala kale pa seva. Mapodi akamalimbirana, Linux imawagawira motengera kukula kwa mapempho awo. Mapempho onse pa sevayi akwana `3500m`, ndipo `1000m` mwa amenewo ndi a malipiro. Pa ma CPU 4, gawo la malipiro likhala pafupifupi `1100m`, zoposa zimene imafuna. A malipoti akokere bwanji, sangalande gawo limeneli. Koma usiku, podi ya malipiro ikakhala kuti ilibe ntchito, a malipoti amaloledwa kugwiritsa ntchito mphamvu zake zotsala, ndipo amabweza mwini wake akangozifuna.

CPU imachedwetsa, memole imapha

Mwina mwaona kuti mu chitsanzochi muli malire a memole koma mulibe a CPU. Izi zachitika dala, chifukwa zinthu ziwirizi zimasiyana kwambiri zikaperewera. CPU ndi nthawi yogwira ntchito, ndipo pulogalamu ikalandidwa nthawi imangodikira nkudzapitiriza. Memole ndi malo okhala ndi zinthu mkati, ndipo njira yachangu yolanda malowo ndi kupha pulogalamu imene yawagwira.

Kontena ikafuna memole yopyola malire ake, ndipo Linux yalephera kupeza choti itayemo, imaphedwa. Wofufuza ndi `kubectl describe pod` apeza mawu oti `OOMKilled` ndi nambala 137. Kawirikawiri Kubernetes imaidzutsanso, ndipo ikamangofa mobwerezabwereza pamaoneka `CrashLoopBackOff`. Izi nzowawa kwa mwini pulogalamu, koma vutolo limathera mu kontena yakeyo ndipo aneba sakhudzidwa. Nchifukwa chake akatswiri ambiri amafananitsa pempho ndi malire a memole. Podi iliyonse ikakhala kuti singapyole zimene inasungitsa, memole ya seva singathe modzidzimutsa. Koma amene alemba pempho la `1Gi` ndi malire a `4Gi` walola podi kudya `3Gi` imene palibe anaisungira. Mapodi angapo otere akakula tsiku limodzi, tabwerera ku mavuto a tsiku la malipoti aja.

Malire a CPU amagwira ntchito mwanjira ina. Linux imadula nthawi m'zigawo za mamilisekondi 100, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Kontena ya malire a `400m` imaloledwa mamilisekondi 40 a CPU m'chigawo chilichonse. Ikawamaliza imaimitsidwa mpaka chigawo chotsatira, ngakhale seva yonse itakhala kuti ikungokhala.

Tiyerekeze kuti wina waikira podi ya malipiro malire a `400m`, ataona kuti masiku wamba imadya `300m` yokha. Pulogalamuyi imagawa ntchito yake pa ma CPU onse 4 nthawi imodzi. Kasitomala m'modzi akalipira, pamafunika ntchito ya mamilisekondi 120, imene pa ma CPU 4 ikanatha m'mamilisekondi 30. Koma mamilisekondi 40 ololedwa aja, akagawidwa pa ma CPU 4, amatha m'mamilisekondi 10 okha. Pulogalamu imaima kwa 90, imagwiranso 10, imaimanso 90, kenako imamaliza ndi 10 omaliza. Ntchito ya mamilisekondi 30 yatenga 210, kuchedwa kasanu ndi kawiri, popanda neba aliyense wosokoneza.

Choipa china nchakuti vutoli limabisala. Lamulo la `kubectl top pod` limaonetsa nambala yapakatikati, kotero podi ingaoneke kuti ili pansi pa malire ake pomwe ikuimitsidwa kambirimbiri pa mphindi imodzi. Umboni weniweni uli mu fayilo ya `cpu.stat` ya kontenayo, pa mzere wa `nr_throttled`, umene umawerenga zigawo zimene kontena inaimitsidwa. Ogwiritsa ntchito Prometheus amaupeza pa `container_cpu_cfs_throttled_periods_total`. Nambalayi ikamakwera pomwe seva ili ndi mphamvu zotsala, wochedwetsa pulogalamu ndi malire ake omwe.

Pa nkhani ya malire a CPU akatswiri sagwirizana onse. Ena amati pulogalamu yoyankha makasitomala isapatsidwe malire a CPU, chifukwa chimene chimateteza aneba ndi mapempho awo. Ena amawafuna pa maseva amene makampani osiyana amagawana, kuti aliyense apeze zimene walipira zokha, kapena kuti pulogalamu isazolowere mphamvu zotsala zimene mawa sizidzakhalapo. Mbali zonse zili ndi mfundo. Chimene onse amavomereza nchakuti malire a CPU olembedwa osayeza amabweretsa kuchedwa kovuta kukufufuza. Wofuna kuwaika awaike patali ndithu pamwamba pa pempho, kenako aziyang'ana `nr_throttled`. Adziwenso kuti akalemba malire okha osalemba pempho, Kubernetes imatenga malirewo kukhala pempho.

Magulu atatu a mapodi

Potengera manambala amenewa, Kubernetes imaika podi iliyonse mu limodzi mwa magulu atatu. Podi imene makontena ake onse ali ndi pempho lofanana ndi malire, pa CPU ndi pa memole pomwe, ili mu gulu la `Guaranteed`. Imene sinalembe kalikonse ili mu `BestEffort`. Zonse zotsala zili mu `Burstable`. Memole ya seva ikatheratu ndipo Linux ikufuna yoti iphe, a `BestEffort` ndi amene amakhala patsogolo, pomwe a `Guaranteed` amakhala kumapeto kwenikweni.

Podi yathu ya malipiro ili mu `Burstable` chifukwa ilibe malire a CPU. Izi si zodetsa nkhawa kwenikweni, poti memole yake singapyole pempho lake, ndipo `kubelet` pothamangitsa amayambira opyola mapempho. Koma pulogalamu imene kufa kwake kungaimitse kampani yonse, monga yosunga kaundula wa malipiro, ambiri amaiika mu `Guaranteed` ndi manambala otakasuka, nkuvomera kulipira mphamvu zimene nthawi zina zizingokhala.

Kupempha mopyola muyeso

Anthu akaotchedwa kamodzi amathamangira mbali ina. Gulu lililonse limayamba kupempha ma CPU 2 pa pulogalamu yofuna `200m`, poti bola kukhala ndi zambiri. Zotsatira zake, `kube-scheduler` amaona maseva odzaza pomwe akungokhala, mapodi atsopano amakhala `Pending`, ndipo kampani imagula kapena kubwereka maseva ena osafunika. Amene amabwereka maseva ku makampani akunja amalipira mu madola, choncho ndalama yowonongekayo si yochepa. Poyezera pake mposavuta: yerekezani zolembedwa pa `Allocated resources` mu `kubectl describe node` ndi zimene `kubectl top node` ikuonetsa. Mapempho akakhala 90 peresenti pomwe zogwiritsidwa ntchito sizipyola 15 peresenti ngakhale pa tsiku lotanganidwa, ena apempha zimene sakuzifuna.

Pempho lolakwika limasokonezanso makina oonjezera mapodi ntchito ikachuluka, a `HorizontalPodAutoscaler`. Akauzidwa kuti aonjezere podi CPU ikafika 70 peresenti, peresentiyo amaiwerengera pa pempho. Pempho likakhala lalikulu mopyola, 70 peresentiyo siifika ndipo mapodi saonjezedwa. Likakhala laling'ono kwambiri, mapodi amachulukana popanda chifukwa.

Poti si aliyense amene amakumbukira kulemba manambalawa, woyang'anira maseva ali ndi zida ziwiri. Magulu a ogwira ntchito amapatsidwa zigawo zawo zotchedwa `namespace`. Mu chigawo chilichonse, `LimitRange` imapereka pempho ndi malire kwa kontena imene mwini wake sanalembe kanthu, ndipo ingakane yopempha zopyola muyeso woikidwa. `ResourceQuota` imaika malire a chigawo chonse, mwachitsanzo kuti mapempho onse a ofesi ya zachuma asapyole ma CPU 6. Kukanakhala lamulo lotere pa tsiku la malipoti lija, mapodi opanda pempho akanakanidwa asanalowe nkomwe, ndipo a `500m` akanaloledwa 12 okha nthawi imodzi.

Zimene manambalawa sathetsa

Mapempho ndi malire a CPU ndi memole sateteza zonse. Pulogalamu imene ikulemba ndi kuwerenga kwambiri pa disiki, kapena imene yadzaza netiweki ya seva, ingachedwetsebe aneba ake ngakhale manambala onse atalembedwa bwino. Kukula kwa malo a disiki amene podi ingadzaze kungaikidwe malire ndi `ephemeral-storage`, koma zimenezo sizichepetsa liwiro limene ikulembera. Zikatero, njira imakhala yowasiyanitsa: ntchito zolemera ngati malipoti zipatsidwe maseva awoawo, kutali ndi mapulogalamu oyankha makasitomala.

Manambalawanso sakhala olondola mpaka kale. Pulogalamu ikasinthidwa kapena makasitomala akachuluka, zofuna zake zimasintha, ndipo pempho la chaka chatha limakhala bodza. Pali chida chotchedwa `VerticalPodAutoscaler` chimene chingauzidwe kuti chizingopereka malangizo a manambala osasintha chilichonse, ndipo malangizowo ndi poyambira pabwino pounikanso.

Ngati kampani yanu imayendetsa mapulogalamu pa Kubernetes, funsani akatswiri anu kuti ndi mapodi angati amene ali mu gulu la `BestEffort`, komanso kuti mapempho a mapodi ofunika kwambiri anayezedwa liti. Podi iliyonse yotumikira makasitomala ikhale ndi pempho lochokera pa kuyeza, memole yake ikhale ndi malire ofanana ndi pempholo, ndipo malire a CPU aikidwe pokhapokha pali chifukwa chomveka. Chitani zimenezi mwezi usanathe.